Waifai Ikasowa pa Laputopu Pambuyo pa Apudeti, Chimene Chasowa Kwenikweni N'chiyani?

Munthu amasiya laputopu yake usiku Waifai ikugwira bwinobwino, sikirini ikumuchenjeza kuti asazimitse makina chifukwa Windows ikulowetsa apudeti. Kukacha amapeza kuti pakona ya kumunsi, pafupi ndi pamene pamaoneka nthawi, chizindikiro cha Waifai chachoka ndipo m'malo mwake pali kachithunzi ka dziko kosonyeza kuti palibe intaneti. Akadinapo sapeza mndandanda wa manetiweki, ndipo ngakhale batani loyatsira Waifai palibe. Foni imene ili pambali pake ikulumikizana ndi rauta yomweyo popanda vuto lililonse. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti china chapsa mkati mwa laputopu, koma nthawi zambiri chipangizocho chimakhala chili bwino, ndipo chimene chasokonekera ndi pulogalamu yaing'ono imene okonza makompyuta amaitcha dalaivala.

Vuto limeneli tilisiyanitse kaye ndi lina limene limafanana nalo. Ngati mndandanda wa manetiweki ukuoneka koma laputopu ikukana kulumikizana, ndiye kuti Windows ikuchionabe chipangizo cha Waifai, ndipo chovuta chingakhale pasiwedi, rauta kapena bandulo. Pano tikunena za pamene Waifai yasoweratu, ngati kuti laputopuyo inapangidwa yopanda Waifai.

Kakhadi ka Waifai

Waifai ya laputopu imachokera pa kakhadi kakang'ono kamene m'makina ambiri kamalowetsedwa pa bolodi ndi kumangidwa ndi sikuluwu imodzi. Mtundu wofala masiku ano ndi wa mamilimita 22 m'lifupi ndi 30 m'litali, ndipo pamakhala tiwaya tiwiri, kapena kamodzi, timene timadutsa pa hinji kukafika ku eriyo yobisika m'mphepete mwa sikirini. Malamulo oyamba a kalumikizidwe kameneka, otchedwa IEEE 802.11, anatuluka mu 1997, ndipo dzina la Waifai linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1999. Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti kampani imene dzina lake lili pachivindikiro cha laputopu si imene imapanga kakhadika. HP, Dell kapena Lenovo amagula timakhadi kwa makampani monga Intel, Realtek, Qualcomm ndi MediaTek, ndipo malaputopu awiri a dzina limodzi ndi modelo imodzi akhoza kukhala ndi timakhadi tosiyana.

Kawirikawiri kakhadi komweko kamanyamulanso Bluetooth, koma mbali ziwirizi zimalumikizana ndi bolodi kudzera njira zosiyana ndipo iliyonse ili ndi dalaivala wake. N'chifukwa chake mahedifoni a Bluetooth akhoza kupitiriza kugwira ntchito pamene Waifai yasowa. Zikatero, umenewo ndi umboni wabwino wakuti kakhadi kadakalandira magetsi ndipo sikanatuluke pamalo pake.

Dalaivala

Dalaivala ndi pulogalamu imene imaima pakati pa Windows ndi chipangizo. Windows imadziwa kupereka malamulo wamba okha, monga akuti funa manetiweki amene ali pafupi, lumikiza ku iyi, tumiza uthenga uwu. Kakhadi kalikonse kali ndi kalankhulidwe kake kamene amene anakapanga ndiwo amakadziwa, ndipo dalaivala ndiye amasandutsa lamulo la Windows kukhala chinthu chimene kakhadiko kangamve.

Fanizo lapafupi ndi la womasulira m'khoti. Woweruza akulankhula Chingerezi, mboni ikudziwa Chiyao chokha, ndipo onse awiri ali m'chipinda chimodzi, ali bwinobwino. Womasulira akapanda kubwera, mlandu sungayende. Atabwera womasulira wa Chitumbuka, mlandu sungayendebe, ngakhale kuti pampando wa womasulira pali munthu. Ndipo atabwera wodziwa Chiyao koma wosadziwa mawu atsopano a malamulo amene woweruza wayamba kugwiritsa ntchito, adzayamba bwino kenako n'kukakamira pakati. Zinthu zitatuzi, dalaivala wosowa, dalaivala wolakwika ndi dalaivala wakale, ndizo zimachititsa vuto limene tikukambirana.

Kale munthu ankalowetsa dalaivala yekha kuchokera pa disiki imene inkabwera ndi chipangizo. Windows 95 inabweretsa njira yakuti makina azizindikira okha chipangizo chatsopano ndi kuchifunira dalaivala. Kuyambira pa Windows Vista, madalaivala onse amasungidwa m'nkhokwe imodzi, imene ndi foda iyi:

```
C:\Windows\System32\DriverStore\FileRepository
```

Chipangizo chikapezeka, Windows imayang'ana m'nkhokwemu ndi kusankha dalaivala amene akugwirizana nacho kwambiri. Ngati awiri akufanana, imatenga wa deti latsopano. Pa chifukwa chimenechi madalaivala ambiri amene Microsoft imaika yokha mu Windows amakhala ndi deti la 21 Juni 2006 ngakhale atalembedwa posachedwapa: cholinga chake n'chakuti asamapose dalaivala wochokera kwa amene anapanga chipangizo. Choncho kuona chaka cha 2006 pa dalaivala wa Microsoft si umboni wakuti ndi wakale, pamene deti la dalaivala wa Waifai wa Realtek kapena Intel limanena zoona za msinkhu wake.

Apudeti

Mawu akuti apudeti amatanthauza zinthu zingapo. Pali maapudeti a mwezi ndi mwezi, amene kuyambira mu 2003 Microsoft imatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi. Pali madalaivala atsopano amene makampani opanga zipangizo amatumiza kudzera mu Windows Update, ndipo amenewa angalowe m'malo mwa dalaivala amene ankagwira bwino ntchito mwini laputopu asakudziwa. Palinso apudeti yaikulu, monga kuchoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11, imene ili ngati kusamukira m'nyumba yatsopano: Windows yatsopano imamangidwa pambali, yakale imasungidwa mufoda ya `Windows.old`, ndipo katundu, kuphatikizapo madalaivala, amasamutsidwa mmodzimmodzi. Dalaivala amene Windows yatsopano yamuona kuti sakugwirizana nayo amasiyidwa m'mbuyo. Ngati m'nkhokwe yatsopano mulibe wina wolowa m'malo, kakhadi kamatsala kopanda womasulira.

Apa ndi pamene vuto la Waifai limasiyana ndi la zipangizo zina. Dalaivala wa sipika kapena wa kamera akasowa, Windows imapita pa intaneti n'kukamutenga. Dalaivala wa Waifai akasowa, msewu wopitira kumene iye ali ndi umene watsekeka, ndipo malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano alibe pobayira kebulo ya netiweki.

Zimenezi zinachitikapo poyera. Windows 10 itatuluka pa 29 Julayi 2015, anthu ena amene anasamukirako anapeza kuti manetiweki a Waifai sakuoneka, ndipo Microsoft inafotokoza kuti chochititsa chinali mapulogalamu akale a VPN, odutsitsa intaneti panjira yotetezedwa, amene anasiya kachidutswa kawo pakati pa Windows ndi kakhadi. Mu 2019, potulutsa apudeti ya Windows 10 yotchedwa 1903, Microsoft inaimitsa dala apudetiyo kuti isafike pa makina amene anali ndi dalaivala wina wakale wa Qualcomm, chifukwa Waifai inkaduka, mpaka eni ake ataika dalaivala watsopano. Nkhani ziwirizi zikusonyeza kuti cholakwa sichikhala mbali imodzi nthawi zonse. Kwathu kuno pali chowonjezera chimodzi: magetsi akathima pakati pa apudeti pa laputopu ya kaunjika imene batire yake inatha kale, dalaivala akhoza kutsala atalowa theka.

Device Manager ndi nkhope zitatu za vutoli

Munthu asanatsegule china chilichonse, ndi bwino adine `Restart`, osati `Shut down`. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, kuzimitsa wamba pa makina ambiri kumasunga mtima wa Windows pamodzi ndi madalaivala monga mmene analili, ndipo poyatsa zonse zimadzuka momwemo, dalaivala wokakamira n'kudzukanso wokakamira. `Restart` ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. Ayang'anenso kuti `Airplane mode` siyoyatsa ndiponso kuti batani la Waifai pa kiyibodi silinadinidwe mwangozi.

Zikakanika, malo oonera choonadi ndi `Device Manager`, kaundula wa zipangizo zonse zimene Windows ikuziona. Amatsegulidwa podina kiyi ya Windows pamodzi ndi R, kenako n'kulemba:

```
devmgmt.msc
```

Pansi pa mutu wa `Network adapters` pamakhala mizere yambiri imene ingasokoneze munthu. Imene imayamba ndi `WAN Miniport` si zipangizo zenizeni, ndipo wokhala ndi mawu akuti `GbE` kapena `Ethernet` ndi wa kebulo. Wa Waifai umakhala ndi mawu monga `Wireless`, `Wi-Fi` kapena `802.11`. Chimene munthu angapeze ndi chimodzi mwa zitatu.

Choyamba, mzere wa Waifai ulipo koma uli ndi kachizindikiro kachikasu. Akaudina kawiri, uthenga umene uli pa `Device status` nthawi zambiri umatha ndi `Code 10`, kutanthauza kuti chipangizo chalephera kuyamba, kapena `Code 43`, kutanthauza kuti Windows yachiimitsa chifukwa chanena kuti chili ndi vuto. Apa womasulira alipo koma sakugwirizana ndi mmodzi mwa awiriwo. Ngati m'malo mwa chikasu pali kamuvi koloza pansi, chipangizo changozimitsidwa, ndipo `Enable device` imakwanira.

Chachiwiri, mzere wa Waifai palibe, koma pansi pa mutu wa `Other devices` pali chinthu cholembedwa `Network Controller`, ndipo uthenga wake ukutha ndi `Code 28`. Ngakhale kuti zimaoneka zoopsa, imeneyi ndi nkhani yabwino koposa zonse, chifukwa Windows ikunena kuti kakhadi ikukaona, kali moyo, koma ilibe dalaivala wake.

Chachitatu, palibe kalikonse pamalo onse awiri, ngakhale atasankha `Scan for hardware changes`. Pamenepa dalaivala si amene ayenera kuganiziridwa poyamba, pakuti Windows singafunire dalaivala chipangizo chimene sikuchiona. Mwina Waifai yazimitsidwa mu BIOS, pulogalamu ya pa bolodi imene imadzuka Windows isanayambe, mwina kakhadi kakakamira ndipo kakufunika kuti magetsi onse achoke, zimene zimachitika pochotsa chaja, kuzimitsa makina ndi kugwira batani loyatsira kwa theka la mphindi, mwinanso kasuntha pamalo pake kapena kafadi. Ndi pa nkhope yachitatuyi pokha pamene kutsegula laputopu kumakhala ndi tanthauzo, ndipo zimandipweteka kuona munthu akulipira kakhadi katsopano pamene sikirini yake inali kunena momveka kuti `Code 28`.

Nambala ya chipangizo, ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto

Tiyerekeze wophunzira amene laputopu yake yasamukira ku Windows 11 usiku, ndipo m'mawa wapeza `Network Controller` ya `Code 28`. Funso lake loyamba ndi lakuti afune dalaivala uti, popeza dzina la kakhadi silikuoneka. Dzinalo silikuoneka chifukwa limachokera kwa dalaivala yemwe wasowayo. Koma kakhadi kalikonse kali ndi manambala amene anaikidwa mkati mwake ku fakitale, ndipo Windows imawawerenga popanda dalaivala aliyense, monga mmene wapolisi angawerengere chiphaso cha unzika cha munthu amene sakumvana naye chilankhulo.

Wophunzirayo adina kawiri pa `Network Controller`, apita pa `Details`, ndipo pa `Property` asankha `Hardware Ids`. Mzere wa pamwamba ukuyamba motere:

```
PCI\VEN_10EC&DEV_C821
```

Zilembo zinayi zotsatira `VEN_` zimatchula kampani: `10EC` ndi Realtek, `8086` ndi Intel, `14C3` ndi MediaTek, `168C` ndi Qualcomm Atheros. Zinayi zotsatira `DEV_` zimatchula mtundu wa kakhadi, ndipo `C821` ya Realtek ndi RTL8821CE, kamene kamapezeka m'malaputopu ambiri otsika mtengo. Mbali yotsatira, yoyamba ndi `SUBSYS_`, imasonyeza kakhadiko monga mmene kanakonzedwera kampani ya laputopuyo. Tsopano akapita pa tsamba la kampani ya laputopu yake n'kupeza madalaivala atatu a Waifai pansi pa modelo imodzi, wa Intel, wa Realtek ndi wa MediaTek, akudziwa woti atenge.

Chatsala ndi kupeza intaneti. Njira yosavuta ndi kulumikiza foni ya Android ndi kebulo ya USB n'kuyatsa `USB tethering` pafoniyo. Zimatheka chifukwa Windows imaiona foniyo ngati netiweki ya kebulo, ndipo dalaivala wa zimenezo ali kale mkati mwa Windows. Kebulo iyenera kukhala yodutsa deta, pakuti zina zotchipa zimangotchaja ndipo batani la `USB tethering` silidinika. Pali msampha umodzi wa bandulo. Windows imaona kulumikiza kwa kebulo ngati kopanda malire, choncho ikhoza kuyamba kukoka maapudeti onse amene amadikira, magigabaiti angapo, pamene dalaivala wofunikayo ndi wa mamegabaiti makumi ochepa chabe. Kuyatsa `Metered connection` kumaletsa zimenezi, koma kumaletsanso Windows kudzitengera yokha madalaivala. Kwa amene bandulo yake ndi yochepa, chanzeru ndi kuyatsa `Metered connection` n'kukatenga yekha dalaivala pa tsamba la kampani, kapena kumutengera pafoni kapena pa kompyuta ina n'kumusamutsa pa fulashi. Amene ali ndi deta yokwanira angayang'ane pa `Windows Update`, `Advanced options`, `Optional updates`, kumene madalaivala ena amakhala akudikira kuti munthu awasankhe.

Ngati fayilo imene watenga ndi pulogalamu yodzilowetsa yokha, amangoitsegula. Ngati ndi foda yokhala ndi fayilo yothera ndi `.inf`, amadina ndi batani lamanja pa `Network Controller`, n'kusankha `Update driver`, kenako `Browse my computer for drivers`, n'kuloza fodayo. Zikayenda bwino, `Network Controller` imachoka pa `Other devices` ndipo dzina lenileni la kakhadi limaoneka pa `Network adapters`. Potsimikiza, alemba mu `Command Prompt`, windo lolembamo malamulo:

```
netsh wlan show drivers
```

Yankho limasonyeza dzina la dalaivala, kampani, deti ndi nambala yake. Likanena kuti `There is no wireless interface on the system`, dalaivala sanakhazikike. Likanena kuti `wlansvc` sikugwira ntchito, vuto lili pena: gawo la Windows lotchedwa `WLAN AutoConfig` laima, ndipo liyenera kuyatsidwa mu `services.msc`, imene imatsegulidwa mofanana ndi `devmgmt.msc`, chifukwa likaima Waifai imasowa ngakhale dalaivala ali bwino.

Kubwerera m'mbuyo

Pa `Code 10` ndi `Code 43`, mankhwala nthawi zina ndi dalaivala wakale, osati watsopano. Kuyambira pa Windows XP, mu 2001, pali batani la `Roll Back Driver` pa tsamba la `Driver` la kakhadiko mu `Device Manager`, limene limabwezera dalaivala amene analipo uyu asanalowe. Limakumbukira mmodzi yekha, ndipo pambuyo pa apudeti yaikulu nthawi zambiri limakhala lotuwa, losadinika. Zikatero, pa `Update driver` pali `Let me pick from a list of available drivers on my computer`, pamene pamaoneka madalaivala onse a m'nkhokwe ogwirizana ndi kakhadiko. Apudeti yaikulu yonse ingabwezedwenso kudzera pa `Go back`, koma mwayi umenewu umatha pakadutsa masiku 10, pamene Windows imafufuta `Windows.old`.

Malangizo awiri ofala ayenera kumvedwa mosamala. Kusankha `Uninstall device` n'kuyambitsanso makina kumathandiza, chifukwa Windows imalowetsanso dalaivala kuchokera m'nkhokwe. Koma pawindo lomwelo pali kabokosi kofufutira dalaivalayo, ndipo amene wakachonga asanasunge wina akhoza kusandutsa `Code 10` kukhala `Code 28`. Ndi ngati kutaya mbewu yomaliza ya m'nkhokwe usanadziwe kumene ukapeze ina. `Network reset` nayo imachotsa ndi kubwezeretsa zipangizo za netiweki ndipo imaiwalitsa mapasiwedi onse a Waifai amene anasungidwa, koma singabweretse dalaivala amene mulibe m'makinamo.

Amene Waifai yake ikugwira lero angasunge madalaivala ake apudeti yaikulu isanafike. Apange foda ya dzina lakuti `madalaivala` pa fulashi, atsegule `Command Prompt` posankha `Run as administrator`, n'kulemba lamulo ili, kusintha `D:` kuti igwirizane ndi chilembo cha fulashi yake:

```
pnputil /export-driver * D:\madalaivala
```

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi lakuti dalaivala woyenera ndi wa ndani. Makampani a malaputopu amalimbikitsa wa pa tsamba lawo, chifukwa anayesedwa pa modelo imeneyo pamodzi ndi BIOS yake ndi kasungidwe kake ka batire. Amene amakonda wa kampani yopanga kakhadi amati ndiye amakhala watsopano, pamene tsamba la laputopu limasiya kusinthidwa pakapita zaka zochepa. Mbali zonse ziwiri zili ndi milandu imene zinapambana, ndipo yankho limasintha malinga ndi msinkhu wa makina.

Lachiwiri likukhudza ufulu wa mwini laputopu. Munthu akabwezera dalaivala wakale amene akugwira bwino, Windows Update ikhoza kudzalowetsanso watsopano uja. Kumbali ina, madalaivala a Waifai amakhala ndi mabowo a chitetezo amene amatsekedwa ndi maapudeti omwewo, ndipo amene waletsa kusintha kulikonse amatsala ndi mabowowo. Malire a pakati pa kuteteza anthu onse ndi kulola munthu mmodzi kusunga chimene chikumugwirira ntchito sanagwirizanidwebe.

Lachitatu ndi lolemera kwa ogula malaputopu a kaunjika. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, sivomereza makina ambiri akale. Ena amaikakamiza kulowa podumpha malamulo ake, ndipo timakhadi ta m'makina otere timadalira madalaivala amene analembedwera Windows yakale. Ambiri akugwirabe ntchito lero. Koma apudeti ina yaikulu ikadzasiya m'mbuyo dalaivala wotere, kampani yopanga kakhadi itasiya kale kumukonza, kampani ya laputopu itasiya kale modeloyo, ndani ali ndi udindo wolemba womasulira watsopano, ndipo kodi kugula kachipangizo ka Waifai kobaya pa USB, kamene nakonso kamafuna dalaivala wake, kudzathetsa vutolo kapena kudzangolisunthira kutsogolo?